Kuwerenga sitetimenti ya ndalama za pa foni tsiku ndi tsiku

Ambiri mwa inu amene munamaliza maphunziro pano mumalima ndiwo zamasamba, ndipo mumazigulitsa nokha pa msika kapena kudzera mwa akazi anu, amuna anu ndi abale ena. Masiku ano gawo lalikulu la ndalama za malondawo limadutsa pa foni, kaya ndi Airtel Money, MTN MoMo kapena Zamtel. Tikamacheza nanu, timamva funso limodzi kawirikawiri: ndalama zikulowa zambiri, nanga zikupita kuti? Yankho lake lili m'sitetimenti, ndiwo mndandanda wa zonse zimene zachitika pa akaunti yanu. Koma sitetimenti imasokeretsa munthu woiwerenga mothamanga, chifukwa ndalama zolowa sizonse zili malonda, ndipo ndalama zotuluka sizonse zatayika. M'nkhani ino titsata sabata imodzi ya wogulitsa pa msika, kuti tione mmene tingalekanitsire zoika, zotapa ndi machaji, tsiku lililonse palokha.

Kupeza sitetimenti yathunthu

Mukaimba *115# pa Airtel kapena MTN mungathe kuona zotsala ndi zochitika zochepa zomalizira, koma zimenezo sizikwanira kwa munthu amene amachita malonda kangapo pa tsiku. Sitetimenti ya sabata kapena mwezi mungaipemphe ku ofesi yothandizira makasitomala ya kampani yanu, mutanyamula chitupa chanu cha NRC. Amene ali ndi foni yaikulu angaonenso mbiri ya akaunti mu pulogalamu ya kampaniyo. Ngati zonsezi zili kutali, mauthenga amene amabwera mukangochita kanthu amagwira ntchito yomweyo, malinga ngati simunafufutepo ena.

Mzere uliwonse umanena tsiku ndi nthawi, mtundu wa chochitika, kuchuluka kwa ndalama, chaji, zotsala pambuyo pake, ndi nambala yodziwira chochitikacho, imene imalembedwa kuti Transaction ID. Mawu awiri a Chingelezi muyenera kuwazindikira msanga. Cash In ndi pamene mwapereka ndalama zamanja kwa ejenti pa buthu kuti aziike mu foni. Cash Out ndi pamene mwatapa, ejenti n'kukupatsani ndalama zamanja. Mawu ena amasiyana malinga ndi kampani, koma awiriwa ndiwo mutu wa nkhani yathu.

Mitundu isanu ya mizere

Tengani kope la sukulu, mutsegule masamba awiri oyang'anana, ndipo mujambule madanga asanu ndi awiri. Danga loyamba ndi la zotsala za m'mawa, lomaliza ndi la zotsala za madzulo. Pakati pake pakhale madanga asanu: zoika, zolandira, zotapa, zotumiza kapena zolipira, ndi machaji.

Kusiyana kwa madanga amenewa ndiko phunziro lonse. Zoika si phindu ndipo si malonda atsopano. Ndi ndalama zanu zomwe, zimene zachoka pa mfundo ya chitenje n'kulowa mu foni. Zotapa nazonso si ndalama zowonongedwa. Zachoka mu foni n'kubwerera m'manja. Munthu akachotsa chimanga m'nkhokwe n'kuchiika m'thumba, chimanga chake sichinachuluke ndipo sichinachepe. Zolandira ndi zotumiza ndizo zimachokeradi kwa munthu wina kapena kupita kwa munthu wina. Machaji okha ndiwo amachoka osabweza tomato, feteleza kapena ufa, ndipo n'chifukwa chake timawapatsa danga lawolawo.

Kuika ndalama pa buthu kulibe chaji. Kutapa kuli ndi chaji, ndipo kutumiza nakonso kuli nayo. Kuyambira mu Januwale 2024 boma linaikanso msonkho pa ndalama zotumizidwa kuchokera kwa munthu kupita kwa munthu mnzake, ndipo amene amaulipira ndi wotumiza. Msonkho umenewu muulembe pamodzi ndi machaji, pakuti nawonso umachoka mu akaunti yanu osafika kwa amene mwamutumizira.

Lolemba la mayi wogulitsa matimati

Tiyerekeze mayi wogulitsa matimati ndi repu pa msika wa Kapata ku Chipata. Ziwerengero zonse zimene tigwiritse ntchito, kuphatikizapo machaji, n'zachitsanzo chophunzirira. Inu mudzalemba zimene zili pa sitetimenti yanu ndi pa chikwangwani cha mitengo pa buthu.

Lolemba kukucha, mu foni muli K820. Isanakwane 6 koloko mayiyo atapa K300, chaji yake K5, kuti akagule bokosi la matimati kwa alimi obwera mamawa. Patapita mphindi zochepa atapanso K200, chaji K5, ya repu ndi zoyendera. Chakum'mawa kasitomala awatumizira K45, ndipo masana mwini malo odyera awatumizira K120 ya matimati. Kenaka agula tokotaimu ya K10. Chakumadzulo mlongo wawo wa ku Lusaka atumiza K200 yogulira mankhwala a amayi awo kumudzi. Poweruka, mayiyo aika K430 pa buthu, ndipo pomaliza atumiza K150 ya chilimba, chaji ndi msonkho pamodzi K1.50.

Mizere ndi isanu ndi itatu. Tiigawe m'madanga. Zoika ndi K430. Zolandira ndi K45, K120 ndi K200, zonse pamodzi K365. Zotapa ndi K500. Zotumiza ndi zolipira ndi K150 ya chilimba ndi K10 ya tokotaimu, zonse K160. Machaji ndi K5, K5 ndi K1.50, onse pamodzi K11.50.

Tsopano tiyese ngati talemba bwino. Lamulo lake ndi limodzi: zotsala za m'mawa, kuwonjezera zoika ndi zolandira, kuchotsa zotapa, zotumiza ndi machaji, ziyenera kufanana ndi zotsala za madzulo. K820 tikawonjezera K430 ndi K365 tipeza K1,615. Tikachotsa K500 patsala K1,115, tikachotsa K160 patsala K955, tikachotsa K11.50 patsala K943.50. Ngati mzere womaliza wa Lolemba pa sitetimenti ukunena K943.50, tsikulo latsekeka, ndipo chiwerengero chimenecho ndicho chiyambire Lachiwiri.

Timaumirira kuti muchite zimenezi tsiku ndi tsiku pa chifukwa chooneka. Mukaphatikiza mwezi wonse nthawi imodzi, masamu akakana kugwirizana mudzafufuza m'mizere mazana awiri. Mukatseka tsiku lililonse palokha, cholakwika chimabisala m'mizere isanu ndi itatu yokha, ndipo mumakhala mukukumbukirabe amene anakutumizirani ndi chimene munagula.

Kodi malonda a tsikuli anali angati?

Munthu wongoyang'ana zolowa anganene kuti mayiyu anagulitsa za K795, pophatikiza K430 ndi K365. Zimenezo n'zolakwika m'njira ziwiri. Choyamba, K200 ya mlongo wawo si ya malonda. Yangodutsa mu foni popita kumudzi. Motero pa mzere uliwonse wa zolandira ndi zotumiza ikani chizindikiro, M ngati ndi za malonda, N ngati ndi za kunyumba. Za malonda zolandiridwa pa foni ndi K165 yokha.

Chachiwiri, K430 yoikidwa madzulo siyikutiuza zonse zimene anagulitsa pamanja. Sitetimenti siona ndalama zamanja, choncho pamafunika mzere wina m'kope. Mayiyu anachoka kunyumba ndi K60 yosinthira makasitomala, n'kutapa K500, kotero anali ndi K560 m'manja. Anagula matimati a K330 ndi repu ya K90, analipira K40 yonyamulira katundu ndi K5 ya tikiti ya pa msika, ndipo anagula ndiwo za kunyumba za K35. Zonsezi ndi K500. Madzulo, ataika K430 pa buthu, anatsala ndi K70 m'manja.

Kuti tipeze malonda a pamanja, tiphatikiza zonse zimene zinachoka m'manja ndi zimene zatsalamo: K500, K430 ndi K70, zonse K1,000. Pamenepo tichotsa K560 imene sinachokere kwa makasitomala, ndipo patsala K440. Tikawonjezera K165 ya pa foni, malonda enieni a Lolemba ndi K605, osati K795.

Zogulira katundu, zonyamulira ndi tikiti ndi K465. Tiwonjezerepo K10 ya machaji otapira ndi K10 ya tokotaimu yoimbira alimi, zikhale K485. Malonda aposa zolipira ndi K120. Ndiwo za kunyumba ndi chilimba sizilowa m'masamu amenewa, pakuti izo ndi njira zimene phindu lagwiritsidwira ntchito. Onani kuti tsikuli mayiyu anatulutsa K35 ya ndiwo ndi K151.50 ya chilimba, zimene zikuposa K120 imene malonda anabala. Mu foni ndalama zinakwera kuchoka pa K820 kufika pa K943.50, koma K200 mwa izo ndi ya mankhwala. Tikaichotsa, ndalama zake za mu foni zatsika kufika pa K743.50. Umu ndi mmene mpamba umadyekera mwini wake akuona ngati ukukula.

Pali malire amodzi oyenera kuwadziwa. Phindu la tsiku limodzi silinena zoona zonse ngati patebulo patsala katundu. Matimati ogulidwa Lolemba ena amagulitsidwa Lachiwiri, ena amawola. Choncho tsiku ndilo muyeso wabwino wotsekera akaunti, koma phindu muziliweruza pa sabata.

Sabata yonse pa tsamba limodzi

Tikachita chimodzimodzi mpaka Lachisanu, tsamba la mayiyu lioneka motere, ziwerengero zonse zili mu kwacha:

| Tsiku | M'mawa | Zoika | Zolandira | Zotapa | Zotumiza | Machaji | Madzulo |
|---|---|---|---|---|---|---|---|
| Lolemba | 820 | 430 | 365 | 500 | 160 | 11.50 | 943.50 |
| Lachiwiri | 943.50 | 380 | 90 | 450 | 0 | 7.50 | 956 |
| Lachitatu | 956 | 0 | 210 | 250 | 200 | 14 | 702 |
| Lachinayi | 702 | 520 | 75 | 310 | 0 | 10 | 977 |
| Lachisanu | 977 | 300 | 160 | 300 | 150 | 6.50 | 980.50 |

Danga la machaji likaphatikizidwa likupereka K49.50 pa masiku asanu. Pa masabata anayi otere ndi K198, ndalama yoposa theka la mtengo wa bokosi la matimati la m'chitsanzo chathu. Pa K49.50 imeneyi, K45 ndi ya kutapa ndipo K4.50 yokha ndiyo ya kutumiza. Apa ndi pamene kulekanitsa madanga kumayamba kulipira, chifukwa tadziwa khomo limene ndalama ikutulukira.

Tsiku lodula kwambiri ndi Lachitatu, ngakhale kuti ndilo tsiku limene anatapa ndalama zochepa kuposa masiku onse. Tikabwerera ku sitetimenti tipeza chifukwa chake: anatapa K50 kasanu, ulendo uliwonse n'kulipira K2.50. Machaji otapira amayenda m'magulu, osati pa kwacha iliyonse. M'chitsanzo chathu, kutapa ndalama iliyonse mpaka K150 ndi K2.50, kupitirira apo mpaka K300 ndi K5, ndipo kupitirira K300 mpaka K500 ndi K10. Wotapa K50 amalipira mofanana ndi wotapa K150. Mayiyu akanatapa K250 kamodzi akanalipira K5 m'malo mwa K12.50.

Lachinayi likutiphunzitsa mbali ina ya magulu omwewo. Anatapa K310 n'kulipira K10, pamene K300 ikanadya K5 yokha. K10 yapamwambayo inamudyera K5 yowonjezera, chikhalirecho akanatha kuitenga pa ndalama zosinthira za m'manja. Choncho langizo lakuti nthawi zonse muzitapa zambiri kamodzi silokwanira. Chofunika ndi kudziwa pamene gulu lililonse limathera, ndi kutapa kufupi ndi malire ake koma osawadumpha. Lembani malire amenewa mkati mwa chikuto cha kope lanu, ndipo muziwayang'ananso kampani ikasintha mitengo.

Ndalama zopita ndi kubwera

Tsopano yerekezani madanga awiri, la zoika ndi la zotapa. Pa sabatayi mayiyu anaika K1,630 ndipo anatapa K1,810. Kunena kwina, pafupifupi ndalama zonse zimene ankaika madzulo ankazitapanso m'mawa mwake. Kuika kunali kwaulere, koma kutapa kunadya K45. Ndalama imeneyi tingaitche mtengo wogonekera ndalama pamalo otetezeka.

Sitikunena kuti mtengowo ndi wopanda pake. Mayi woyenda mumdima kuchoka pa msika kupita kukomboni ali ndi chifukwa chabwino chosanyamulira ndalama, ndipo ndalama yogona mu foni siikhudzidwa msanga ndi zofuna za pakhomo. Koma akaudziwa mtengowo angathe kusankha mwanzeru. Ngati mlimi womugulitsa matimati ali pa kampani yomweyo ndipo avomera kulandira pa foni, kutumiza kungakhale kotsika mtengo kuposa kutapa. Inu amene muli alimi mukumbukire kuti pamenepo chaji yotapira yasamukira kwa inu, ndipo m'pake kuti mugwirizane za icho poyera musanatsitse bokosi pa njinga. Mlimi amene amalipira mbewu ndi mankhwala pa foni sataya kanthu polandira motero, koma amene adzatapa tsiku lomwelo ayenera kuwerengera chajiyo pa mtengo wa katundu wake.

Masamu akakana kugwirizana

Tsiku lina mudzaphatikiza n'kupeza chiwerengero chosiyana ndi cha pa sitetimenti. Musafufute tsamba lonse. Lembani kusiyanako, chifukwa kukula kwake kumaloza kumene kuli vuto.

Ngati kusiyana kuli kofanana ndi chaji imodzi, monga K5 kapena K10, ndiye kuti chajiyo mwaiiwala kapena mwaiwerenga kawiri. Zimachitika chifukwa masitetimenti ena amaika chaji pa mzere wakewake, pamene ena amaiika pambali pa ndalama yotapidwa. Njira yodziwira ndi kuchotsa zotsala za mzere umenewo pa zotsala za mzere wapamwamba pake. Ngati K820 yatsika kufika pa K515 pamene munalandira K300 m'manja, K5 yapakatiyo ndiyo chaji, ndipo ilembedwe kamodzi kokha.

Ngati kusiyana kuli kowirikiza kawiri ndalama ya mzere wina, mzerewo mwauika mbali yolakwika. Pa Lachinayi, K75 yolandira mukailemba mu zotumiza, mupeza K827 m'malo mwa K977, ndipo kusiyana kwa K150 ndi K75 kawiri. Ngati kusiyana kukugawika ndi 9 popanda chotsala, kawirikawiri mwatembenuza manambala polemba: K520 mukailemba K250, kusiyana ndi K270, ndiko 9 kuchulukitsa ndi 30.

Palinso mizere yosokoneza mwa iyo yokha. Ndalama yotumizidwa n'kubwezedwa imaoneka kawiri, potuluka ndi pobwerera, ndipo yobwererayo si malonda. Onaninso ngati chaji yake inabwerera nayo. Ngongole ya pa foni imalowa ngati zolandira, koma si yanu, ndipo pobweza imatha kudulidwa yokha pamene ndalama yalowa. Muipatse chizindikiro chakechake, ndipo chiwongoladzanja chake chipite mu danga la machaji. Chochitika cha pakati pa usiku chilembedwe pa tsiku limene sitetimenti yanena, osati limene inu mukukumbukira.

Vuto lalikulu koposa ndi pamene kope lanu lili ndi ndalama imene pa sitetimenti palibe. Ngati ndi ya kasitomala, mwina munaonetsedwa uthenga wabodza. Uthenga woona umachokera ku dzina la kampani, osati ku nambala ya munthu, ndipo zotsala zanu zimakwera. Musapereke katundu musanaone zotsalazo pa foni yanu. Ngati ndi ndalama yoika pa buthu, mwina ejenti analakwitsa nambala kapena kuchuluka kwake. Ichi n'chifukwa chake simuyenera kuchoka pa buthu uthenga usanafike. Mukazindikira mochedwa, pitani msanga ndi tsiku, nthawi ndi malo a buthuyo, ndipo ejenti ayang'ane Transaction ID m'buku ndi mu foni yake. Zikakanika, kadandauleni ku kampani, ndipo ngati nako sizinathe, Bank of Zambia ndiyo imayang'anira makampani a ndalama za pa foni. Pa zonsezi palibe amene ayenera kukufunsani PIN yanu, ngakhale amene akukuthandizani kuwerenga sitetimenti.

Chimene mungachite sabata ino

Yambani ndi masiku asanu apitawa, osati mwezi wonse. Jambulani madanga asanu ndi awiri aja, mutseke tsiku lililonse mpaka ligwirizane ndi zotsala za pa foni, ndipo madzulo alionse mulembe ndalama zamanja zimene mwayamba nazo, mwagwiritsa ntchito ndi zimene mwatsala nazo. Pakutha pa sabata dzifunseni mafunso atatu. Machaji onse akwana zingati, ndipo ndi tsiku liti limene adya kwambiri? Pa ndalama zimene ndatapa, ndi zingati zimene ndinaziika ndekha dzulo lake? Ndikachotsa mizere yonse ya N, mpamba wa malonda wakwera kapena watsika?

Ngati mizere ya N ikuchuluka kuposa ya M, ganizirani zokhala ndi nambala ina ya malonda okha, kuti ndalama ya mankhwala, ya sukulu ndi ya chilimba isamaoneke ngati ya matimati. Mukatero mukumbukire kuti kusamutsa ndalama pakati pa manambala awiriwo nakonso kuli ndi chaji, choncho muzisamutsa kamodzi pa sabata, mutadziwa kale phindu limene malonda abala.